Kalembedwe ka imelo ya pambuyo pa msonkhano: ntchito, mwini wake ndi tsiku lake

Msonkhano umatha anthu onse atavomerezana, aliyense n'kunyamula kope lake kubwerera pa desiki. Pakapita sabata mumapeza kuti amene mumayesa kuti akufunsa mitengo ya holo nayenso akudikira mnzake. Sikuti wina wachita ulesi ayi. Mawu amene ananenedwa m'chipinda muja anali akuti "tifufuze za holo", ndipo "ti" ameneyu alibe dzina, alibe nambala ya foni, simungamufunse kuti wafika pati. Imelo imene mumatumiza msonkhano ukangotha ntchito yake ndi kuchotsa "ti" ameneyu n'kuikapo munthu mmodzi ndi tsiku limodzi.

Imelo imeneyi si maminitsi. Maminitsi amafotokoza amene analipo, zimene zinakambidwa, amene anatsutsa, ndipo amadzavomerezedwa pa msonkhano wotsatira. Imeloyi ndi yaifupi, imapita tsiku lomwelo, ndipo munthu ayenera kuiwerenga pa foni ali m'minibasi n'kudziwa chimene iyeyo akuyenera kuchita.

Titsatira chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Ofesi ya bungwe laling'ono yakumana Lachiwiri pa 7 Okutobala 2025, anthu asanu, kukonzekera maphunziro a masiku awiri a atsogoleri 40 a magulu a banki mkhonde. Maphunzirowo adzakhala pa 28 ndi 29 Okutobala. M'chitsanzochi anthu tiziwatchula ndi maudindo awo, koma inu m'imelo yanu muzilemba mayina enieni.

Yambirani m'chipinda momwemo

Imelo yabwino imakonzedwa anthu asanabalalike. Msonkhano usanayambe, wapampando anene amene alembe imeloyo, chifukwa zikasiyidwa choncho aliyense amayesa kuti alemba mnzake. Wolembayo agawe tsamba la kope lake m'mizere itatu yotsika: ntchito, ndani, liti. Nthawi iliyonse wina akati "pafunika kuti", "tiyenera" kapena "tiona", alembe pa mzere woyamba ndipo mipata iwiri inayo aisiye yopanda kanthu kufikira wina atainena.

Kukatsala mphindi zisanu, wolembayo apemphe mpata n'kuwerenga mokweza zonse zimene walemba, imodziimodzi. Akafika pa ntchito yopanda dzina afunse mosazungulira kuti, "Iyi atenga ndani?" ndipo adikire. Pamakhala kachetechete pang'ono, anthu akuyang'ana pansi, koma asathamangire kudzaza mpatawo yekha. Amene watchulidwa ayankhe ndi pakamwa pake kuti wavomera, tsikunso alinene yekha kapena alivomere. Tsiku limene munthu wanena yekha pamaso pa anzake amalisunga kusiyana ndi limene wangolipeza m'imelo.

Izi zimatetezanso wolemba. Kawirikawiri amene amapatsidwa ntchito yolemba amakhala wamng'ono pa udindo, ndipo sangamadzuke n'kugawira akuluakulu ake ntchito kudzera pa kompyuta. Koma ngati zonse zinawerengedwa m'chipinda, iye sakulamula munthu, akungolemba zimene eni ake anavomera.

Mzere umodzi, ntchito imodzi, munthu mmodzi

Ntchito iliyonse ilembedwe m'njira yoti tsiku lake likafika munthu athe kuyankha kuti inde yachitika kapena ayi sinachitike. "Kuona za holo" silingayankhidwe choncho: amene wangodutsa pa holopo n'kusuzumira pawindo waonanso za holo. "Kubweretsa makotesheni atatu olembedwa a holo yokwana anthu 45, pamodzi ndi chakudya cha masana, kwa a Dairekita" ndi ntchito yooneka pothera pake. Muli chiwerengero, muli chinthu chogwirika m'manja, muli amene achilandire. Anthu 45 aja ndi ophunzira 40 kuphatikiza ophunzitsa ndi ogwira ntchito, ndipo nambala imeneyi iyenera kulembedwa, apo ayi kotesheni ina idzabwera ya anthu 40, ina ya 50, ndipo simudzatha kuziyerekeza.

Samalani ndi mawu monga kulondoloza, kufufuza, kuganizira ndi kukambirana. Mukawaona m'kope lanu dzifunseni kuti munthuyo akamaliza kulondolozako abweretsa chiyani. Yankho lake ndiye ntchito yeniyeni. Samalaninso ndi mawu obisa wochita, monga "makalata alembedwa" kapena "ndalama zipemphedwa". M'kuyankhula amamveka aulemu, koma m'imelo amasiya ntchito ili yamasiye.

Pali vuto lina limene limabwera ndi ulemu wathu womwe. Tikalemba kuti "a zachuma akonze", sizidziwika ngati tikunena munthu mmodzi amene tikumulemekeza kapena anthu atatu onse a mu ofesi ya zachuma. Aliyense mwa atatuwo angawerenge n'kuganiza kuti akunena mkulu wawo, mkuluyo n'kuganiza kuti akunena anyamata ake. Choncho ulemu usachoke, koma dzina likhalepo: "a" kutsogolo, dzina la munthu pambuyo pake. Dzina la dipatimenti, "komiti" kapena "tonse" si mwini ntchito.

Mutu umodzi susenza denga, n'zoona, ndipo ntchito zambiri zimafuna anthu awiri kapena atatu. Komabe mwini wake akhale mmodzi, enawo alembedwe kuti ndi othandiza. Mwini si amene achite zonse ndi manja ake, koma ndi amene mudzamufunse tsiku likakwana. Ngati anthu awiri akuchitadi mbali zosiyana, ndiye kuti ndi ntchito ziwiri, ndipo muzigawe. M'chitsanzo chathu, kulemba kalata yoitanira anthu ndi kuisayina zikuoneka ngati chinthu chimodzi, koma amalemba ndi a Mlangizi, amasayina ndi a Dairekita, ndipo kalata imatha kugona masiku anayi pa desiki pakati pa anthu awiriwa popanda wodziwa kuti mpira uli kwa ndani.

Nanga ntchito ikagwera munthu amene sanabwere ku msonkhano? Pa msonkhano wathu Oyang'anira magalimoto kunalibe, koma pakufunika galimoto ya masiku awiri. Musalembe dzina lawo ngati mwini ntchito. Munthu akangotulukira m'imelo, pamaso pa anzake onse, kuti wapatsidwa ntchito imene sanafunsidwe, amakhumudwa, ndipo mwina tsikulo galimoto inalonjezedwa kale kwina. Mwini wake akhale mmodzi mwa amene analipo, ntchito yake ikhale kukalankhula nawo ndi kubweretsa yankho pofika tsiku lakuti.

Masiku muwawerenge chobwerera m'mbuyo

Tsiku lilembedwe lathunthu: dzina la tsiku, deti, ndi mwezi m'mawu. "Mawa" amasintha tanthauzo malinga ndi tsiku limene munthu watsegula imelo, ndipo amene bandulo inamuthera akhoza kuitsegula patapita masiku awiri. "Sabata yamawa" ili ndi masiku asanu ogwira ntchito, ndipo aliyense amasankha lomaliza. "Msanga" ndi "posachedwa" si masiku. Manambala okhaokha nawonso amasokoneza ngati pa mndandanda pali munthu wa ku America, kumene amayamba ndi mwezi: 10/11 kwa ife ndi 10 Novembala, kwa iwo ndi 11 Okutobala. Kulemba dzina la tsiku kumathandizanso kugwira cholakwa, chifukwa mukalemba "Lachisanu pa 11 Okutobala" wina adzaona msanga kuti 11 ndi Loweruka. Tsegulani kalendala polemba, musadalire mutu.

Tsopano onani mmene masiku a chitsanzo chathu akupezekera. Maphunziro akuyamba Lachiwiri pa 28. Eni holo afuna kulipidwa nthawi ilipo, ndipo ndalama za thiransipoti za ophunzira ziyenera kukonzedwa, choncho ofesi yagwirizana kuti ndalama zikhale zitatuluka pofika Lachitatu pa 22. A Akawuntanti anena kuti amafuna masiku asanu ogwira ntchito akalandira pempho la ndalama. Mukawerenga mofulumira munganene kuti pempho lipite Lachitatu pa 15, sabata imodzi m'mbuyo. Koma 15 Okutobala ku Malawi ndi Tsiku la Anakubala, maofesi amakhala otseka. Pempho lotumizidwa tsiku limenelo lidzalandiridwa pa 16, ndipo masiku asanu adzatha pa 23. Choncho liyenera kufika Lachiwiri pa 14, kuti masiku asanuwo akhale 16, 17, 20, 21 ndi 22.

Pempho la ndalama silingalembedwe holo isanasankhidwe, ndiye a Dairekita asankhe pofika Lolemba pa 13. Sangasankhe opanda makotesheni, ndiye makotesheni afike Lachisanu pa 10. Apa ndiye mukuona kuti ntchito imene m'chipinda imamveka ngati yosathamangira, maphunziro akadali kutali ndi masabata atatu, yatsala ndi masiku atatu okha. Kumangirirana kotereku kulembedwe m'imelo momwemo, kuti Oyang'anira zogula adziwe kuti akachedwa tsiku limodzi anthu atatu aima.

Ola muziliika pokhapokha ngati wina akudikira chinthucho tsiku lomwelo. "Pofika 12 koloko masana" limapatsa wolandira theka la tsiku loti agwirepo ntchito, pamene "Lachisanu" lokha kwa ambiri limatanthauza nthawi yowerukira.

Imelo yake yonse

Mutu wa imelo, m'bokosi la Subject, unene kuti ndi zochita, za msonkhano uti, wa liti: "Zochita: kukonzekera maphunziro a banki mkhonde, msonkhano wa 7 Okutobala 2025". Mutu wongoti "Msonkhano" sudzapezeka mukamadzaufuna mwezi wamawa. Thupi lake likhale motere:

> A Dairekita ndi anzanga nonse,
>
> Zikomo pobwera ku msonkhano wa lero. Nazi zimene tagwirizana ndi ntchito za aliyense. Ngati pali pamene ndalakwitsa kapena ndaiwala, chonde ndiuzeni pofika mawa, Lachitatu pa 8 Okutobala, 12 koloko masana. Nthawi imeneyi ikadutsa tigwiritsa ntchito mndandandawu mmene ulili.
>
> Zimene tagwirizana: maphunziro akhala Lachiwiri pa 28 ndi Lachitatu pa 29 Okutobala, ophunzira 40, onse pamodzi anthu 45.
>
> Zochita:
>
> 1. Oyang'anira zogula apereka kwa a Dairekita makotesheni atatu olembedwa a holo ndi chakudya cha masana cha anthu 45, pofika Lachisanu pa 10 Okutobala, 12 koloko masana.
> 2. A Dairekita avomera kusankha holo ndi kudziwitsa a Mlangizi pofika Lolemba pa 13 Okutobala. Izi zikudikira nambala 1.
> 3. A Mlangizi apereka bajeti ndi pempho la ndalama kwa a Akawuntanti pofika Lachiwiri pa 14 Okutobala. Pa 15 ndi tchuthi.
> 4. A Mlangizi apereka kalata yoitanira ophunzira kwa a Dairekita pofika Lachinayi pa 16 Okutobala.
> 5. A Dairekita avomera kusayina kalatayo pofika Lachisanu pa 17 Okutobala.
> 6. Ine ndilankhula ndi Oyang'anira magalimoto za galimoto ya pa 28 ndi 29, ndipo ndikuuzani yankho lawo pofika Lachisanu pa 10 Okutobala.
> 7. A Akawuntanti atulutsa ndalama pofika Lachitatu pa 22 Okutobala. Izi zikudikira nambala 3.
>
> Zimene sizinathe: sitinagwirizane ngati ophunzira ochokera kutali agone komweko. A Dairekita apereka yankho pofika Lolemba pa 13 Okutobala, chifukwa likhudza bajeti.
>
> Tikumananso Lachinayi pa 23 Okutobala, 9 koloko m'mawa, mu ofesi momwemuno.

Dzina lili poyambirira pa mzere uliwonse kuti munthu akangotsetsereka ndi chala pa foni apeze lake. Manambala alipo kuti mukamaimbirana foni muzingoti "nambala 3 yafika pati", osayambanso kufotokoza. Taonaninso mawu akuti "avomera" pa mizere ya a Dairekita. Ndi njira yolembera ntchito ya mkulu wanu popanda kuoneka ngati mukuwatuma, ndipo ndi zoona, popeza anavomeradi m'chipinda. Ntchito ya bwana musaisiye yopanda tsiku chifukwa cha manyazi. Nthawi zambiri ndi yomweyo imene ena onse akuidikira.

Gawo la zimene sizinathe ambiri amalidumpha pofuna kuti msonkhano uoneke kuti unayenda bwino. Zotsatira zake, mbali iliyonse ya mtsutso uja imachoka ikuganiza kuti yapambana, ndipo a Mlangizi amalemba bajeti yopanda malo ogona pamene ena auza kale ophunzira kuti adzagona. Lembani mosabisa kuti nkhaniyi sinathe, amene aimalize, ndi tsiku lake. Koma musalembe kuti uje anati chakuti, uje anakana. Imelo imatumizidwa kwa ena mosavuta, ndipo mawu amene munthu ananena mtima uli m'mwamba sayenera kuyenda ndi dzina lake. Nkhani za malipiro a munthu, matenda kapena chilango zisalowemo n'komwe.

Mndandandawo ukhale m'thupi la imelo, osati m'fayilo ya Word kapena Excel yomata. Fayilo imafuna bandulo ndi netiweki yabwino, ndipo ambiri amati adzaitsegula akafika pa kompyuta, osaitsegulanso. Tebulo lokopera kuchokera ku Excel nalonso limapanikizika pa foni mpaka deti kubisika kumbali. Ngati zochita zapitirira khumi, zigaweni pansi pa dzina la munthu aliyense.

Ipite kwa ndani, ndipo liti

Mu To muikemo onse amene ali ndi ntchito ndi onse amene analipo. Mu Cc muikemo amene ayenera kungodziwa, monga amene anapepesa kuti sabwera. Munthu amene ali ndi ntchito asakhale mu Cc, chifukwa anthu ambiri imelo za Cc amaziwerenga mochedwa kapena osaziwerenga. Bcc isagwire ntchito pano. Kuika bwana mobisa kuti aone mmene mukukumbutsira mnzanu kumadzaululika tsiku limene bwanayo wadina Reply all, ndipo kukhulupirirana kumathera pomwepo.

Tumizani tsiku lomwelo, kukachedwa m'mawa wake. Pamenepo anthu akukumbukirabe zimene ananena, ndipo ngati mwalakwitsa akukonzani. Mukadikira masiku anayi, ntchito ya nambala 1 ija tsiku lake ladutsa imelo isanafike. Zengerezu analinda kwawukwawu. Ngati mwamaliza kulemba usiku, Gmail ili ndi Schedule send pakamuvi ka pambali pa Send, ndipo mukhoza kuiika kuti ipite 7:30 m'mawa, nthawi imene anthu akutsegula makompyuta. Musanadine, werengani mayina ndi masiku okha, mukuyerekeza ndi kope ndi kalendala. Maadiresi muwaike pomalizira penipeni kuti imelo isapite yosatha. Mu Gmail mulinso Undo Send, imene mungaiike kuti izikupatsani mpaka masekondi 30 obweza imelo mukangoitumiza.

Ngati msonkhano unali ndi anthu a bungwe lina kapena kasitomala, onetsani kaye imeloyo kwa mkulu wanu musanaitumize kunja, makamaka ngati muli mitengo kapena malonjezo. Zimene mwalembazo ena adzazitenga ngati mawu a ofesi yanu yonse.

M'maofesi ambiri anthu amaona WhatsApp kangapo pa ola, imelo kamodzi pa tsiku. Palibe cholakwika kulemba pa gulu kuti "ndatumiza zochita za msonkhano wa lero pa imelo, chonde onani dzina lanu". Koma mndandanda weniweni ukhale pamalo amodzi. Mukauika konsekonse, wina adzasintha tsiku pa WhatsApp, wina pa imelo, ndipo mudzakhala ndi mindandanda iwiri yotsutsana.

Wina akakonza, wina akachedwa

Tinene kuti Lachitatu m'mawa a Mlangizi ayankha kuti sangakwanitse nambala 4 pa 16 chifukwa akhala kumudzi tsiku limenelo, koma angathe kulemba kalatayo pa 13. Musangoyankha iwo okha kuti chabwino. Dinani Reply all pa imelo yomweyo, osasintha mutu wake kuti zonse zikhale mu ulusi umodzi, lembani pamwamba chimene chasintha, kenako ikani mndandanda wonse wokonzedwa pansi pake. Wotsegula imelo yomaliza apeze zonse zolondola, asachite kulumikiza zidutswa za imelo zitatu. Manambala asasinthe. Ntchito ikachotsedwa, nambala yake ikhalebe ndi mawu akuti yachotsedwa, chifukwa anthu anayamba kale kuitchula ndi nambalayo.

Masiku onse muwaike pa kalendala yanu ndi chikumbutso cha tsiku limodzi m'mbuyo. Kukumbutsa tsiku lisanafike ndi kuthandiza, kukumbutsa litadutsa kumamveka ngati mlandu. Lachinayi pa 9 lemberani Oyang'anira zogula okha, mizere iwiri: "Ndimati ndikukumbutseni za makotesheni a mawa masana. Pali chimene chikuvuta chimene ndingathandize?" Funso lachiwirili ndi limene limatulutsa zoona, mwachitsanzo kuti eni holo imodzi akana kulemba kotesheni bwana wawo asanabwere Lolemba. Mukadziwa Lachinayi, a Dairekita akhoza kugamula ngati apezeke malo ena achitatu kapena adikire mpaka Lolemba m'mawa. Mukadziwa Lolemba madzulo, pempho la ndalama laphonya kale pa 14.

Munthu akakhala chete tsiku litadutsa, muimbireni foni kapena pitani pa desiki yake musanalembe chilichonse kwa onse. Kukhala chete nthawi zambiri kumatanthauza chimodzi mwa zitatu: imelo sanaione, ntchito sanaimvetse, kapena akudikira chinthu kwa munthu wina ndipo akuchita manyazi kumutchula. Mukapeza chifukwa, gwirizanani tsiku latsopano, onani ntchito zina zimene zikudikira imeneyo, ndipo masiku ake onse muwasunthe pa mndandanda nthawi imodzi. Mu ulusi wa onse lembani tsiku latsopano lokha, chifukwa chake chisiyeni pakati pa inu awiri.

Pa msonkhano wa pa 23, mfundo yoyamba pa ajenda ikhale mndandanda womwewu. Wolemba awerenge nambala iliyonse, mwini wake ayankhe kuti yatha kapena sinathe. Imene sinathe ilowe m'imelo yatsopano ya tsiku limenelo ndi nambala yake, dzina lake ndi tsiku latsopano, ndipo pambali pake palembedwe tsiku loyamba lija, kuti ntchito imene yasunthidwa kawiri ionekere kwa wapampando popanda wina kuloza chala.